Ndayamba kunena Pemphero la Ambuye pang'onopang'ono, koma ndakodwa pa "mangawa"

Mayi wa Chigwirizano, Mponela:
Muli bwanji abale m'gulu muno. Ndithandizeni nzeru. Mwezi watha ndinadzipatsa ntchito yoti m'mawa uliwonse ndisanakoleze moto ndizitenga mzere umodzi wa Pemphero la Ambuye pa Mateyu 6:9-13, n'kudzifunsa kuti kodi apa ndikupempha chiyani kwenikweni. Pempheroli ndinaliloweza ndili ku Sande sukulu, ndipo kutchalitchi timalithamangitsa ngati tikuthawa mvula. Masiku oyamba zinayenda bwino. Koma nditafika pa "mutikhululukire mangawa athu, monga ifenso takhululukira amangawa athu" ndinaima, mpaka lero sindinadutse.

Nkhani yake ndi iyi. Alamu anga anandibwereka K180,000 nthawi ya dzinja kuti agule feteleza, akuti abweza akagulitsa soya. Ndalamazo ndinazitenga ku banki m'khonde ndipo chiwongoladzanja ndinalipira ndekha. Soya anagulitsa, njinga yamoto anagula, ine akandiona pamsika amakhotera kogulitsa usipa. Ndiye pempheroli likuti ndiwasiyire ndalamazo? Ndikanena kuti "takhululukira" pomwe ndikufunabe ndalama zanga, sindikunamiza Mulungu? Masabata atatu tsopano mpingo ukafika pa mzere umenewu ndimangotseka pakamwa, n'kudzalowanso pa "musatitengere".

Mnyamata wa kwaya:
Amayi musadzivute, mangawa pamenepo ndi machimo basi, za ndalama sizikukhudzidwa. Onani pa Luka 11:4, akuti mutikhululukire machimo athu. Ndalama zanu kalondoleni, muwatengere kwa amfumu.

Mkulu wa mpingo, mphunzitsi wopuma:
Mnyamata wanena theka. Mukadawerenga vesilo mpaka kumapeto mukadaona kuti Luka yemweyo, atangonena za machimo, akubwerera ku mawu a ngongole ponena za anthu amene ife tikuwakhululukira. Mawu amene Mateyu analemba m'Chigiriki ndi a ngongole ndithu, omwewo amene munthu angagwiritse ntchito pamsika. M'Chiaramu, chilankhulo chimene Yesu ankayankhula, liwu limodzi linkatanthauza ngongole komanso tchimo. Choncho wochimwa akuyerekezedwa ndi munthu amene watenga za mwini ndipo alibe chobwezera. Sitingangoti ndalama zili kunja kwa nkhaniyi.

Koma amayi, yang'anani amene akupemphayo ndi ndani. Chimene mukupempha pa mzerewu ndi chakuti ngongole yanu kwa Mulungu ifafanizidwe. Za alamu anu zikubwera pambuyo pa "monga". Yesu anafotokoza "monga" ameneyu ndi fanizo la pa Mateyu 18:23-35. Kapolo anali ndi ngongole ya matalente 10,000 kwa mfumu, ndipo mnzake anali ndi ngongole ya madinari 100 kwa iye. Dinari imodzi inali malipiro a ganyu wa tsiku lathunthu, ndiye madinari 100 ndi ganyu wa miyezi itatu ndi masiku ena. Si ndalama zoseweretsa zimenezo, monganso K180,000 yanu si yoseweretsa. Koma talente imodzi yokha inali madinari pafupifupi 6,000. Mfumu itamufafanizira zonsezo, kapoloyo anatuluka n'kukamugwira mnzake pakhosi, ndipo mnzakeyo atagwada kupempha nthawi, anakana n'kukamutsekera m'ndende. Muone chimene chinakwiyitsa mfumu: kukanyanga pakhosi ndi kukana chifundo kwa munthu amene wapempha. Alamu anu sanagwade, sanapemphe nthawi, akungokuzembani ali pa njinga yatsopano. Mmene ndikuonera ine, mungathe kuwapempha ndalama zanu koma osasunga chidani, osawafunira tsoka, osawayalutsa pa maliro.

Za kutseka pakamwa, simuli oyamba. Mmonke wina dzina lake Yohane Kasiano, wa m'zaka za m'ma 400, analemba kuti m'nthawi yake anthu ena ankakhala chete mpingo ukafika pa mawu omwewa, poopa kudzimanga okha. Iye anati n'kungodzivuta, Woweruza sapusitsidwa ndi kudumpha mzere.

Mayi wa Chigwirizano, Mponela:
Zikomo abambo, ndaseka ndekha kuti ndili ndi anzanga akalekale. Koma "takhululukira" akumveka ngati zachitika kale. Ine sizinachitike. Ndikamva kulira kwa njingayo mtima umachita kuwira.

Mkulu wa mpingo, mphunzitsi wopuma:
N'zoona, Mateyu akunena ngati chinthu chochitika kale, pomwe Luka akuchinena ngati chochitika nthawi zonse. Ndipo ndi pempho lokhali limene Yesu anabwererako atamaliza pemphero, pa mavesi 14 ndi 15, ndiye sindikufuna kulipeputsa. Poti ndinu a Chigwirizano, kumbukirani Katekisima wa Heidelberg wa 1563, funso 126. Sakunena kuti kukhululuka kwathu ndi mtengo wogulira chikhululukiro cha Mulungu. Akuti timapeza mwa ife umboni wa chisomo chake, womwe ndi kutsimikiza mtima kuti tikhululukire mnzathu kuchokera pansi pa mtima. Kutsimikiza mtima n'kosiyana ndi kuzizira kwa mtima. Mungathe kutsimikiza lero kuti simubwezera, mtima n'kumawirabe mpaka Khirisimasi.

Bambo wa ku Joni:
Pepani akulu, ine sindikugwirizana nanu. Luka 6:35 akuti kongoletsani osayembekezera kanthu. Ndipo m'chilamulo, Deuteronomo 15, chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse ngongole za pakati pa abale zinkafafanizidwa, ndalama zenizeni osati za mumtima. Ife timakonda kuthawira ku "mtima" chifukwa kumeneko sikutuluka ndalama. Ine mng'ono wanga anadya ndalama zomwe ndinkatumiza zomangira nyumba, zaka ziwiri, ndinapeza maziko okha ndi njerwa zitamera udzu. Ndinayesa zimenezo zoti ndakhululuka koma ndikufunabe zanga. Sizinatheke, foni iliyonse inkathera pa simenti. Tsiku limene ndinamuuza kuti zatha usabweze, ndi limene ndinagona tulo.

Mayi wa ku Area 25:
Achimwene a ku Joni, inu mumalandira marandi. Amayiwa ndalamazo anakongola ku banki m'khonde, ndi za fizi ya ana. Salimo 37:21 likuti woipa akongola osabweza, ndiye alamuwo nawonso ali ndi vesi lawo. Komanso Luka 17:3 akuti akalapa umukhululukire. Alapa liti?

Bambo wa ku Joni:
Pa Luka 17 mwandigwira pang'ono. Koma m'pemphero lenilenilo mulibe mawu akuti "amangawa athu amene alapa".

Katekisiti wa ku Dedza:
Ine ndafika mochedwa, ndimaganiza kuti funso ndi la mzere wotsatira, poti ndi umene anthu amandifunsa kwambiri. Ndiloleni ndinenebe chifukwa amayiwa akuti amalowanso pa "musatitengere". Ife Akatolika timati "musatisiye ife m'chinyengo", ndipo ambiri akamva "musatitengere kokatiyesa" amadabwa kuti kodi Mulungu amatengera munthu ku tchimo. Yakobo 1:13 akukana, akuti Mulungu sayesa munthu ndi zoipa. Komabe pa Mateyu 4:1 Mzimu ndi amene anatsogolera Yesu kuchipululu kukayesedwa ndi mdierekezi. Liwu la Chigiriki pamenepa limanyamula zonse ziwiri, kunyengedwa kuti uchimwe ndiponso mayeso owawa oonetsa chimene uli. Akatolika a ku France anasintha mawu awo mu 2017 kuti azinena kuti musatilole kulowa m'mayesero, a ku Italy nawo anasintha mawu awo mu 2020. Ine ndimawauza a kalasi kuti awerenge pamodzi ndi Mateyu 26:41, ku Getsemane, pomwe Yesu akuuza ophunzira kuti apemphere kuti asalowe m'kuyesedwa, ndipo usiku womwewo Petro, yemwe anali atalumbira kuti iye sangagwe, anamukana katatu. Ndi pempho la munthu amene sadzikhulupirira. Kwa inu amayi, mwina kokatiyesa ndi pamsika paja pa usipa, tsiku limene mudzakumane maso ndi maso.

Mtsikana wa ku koleji:
Funso langa ndi lapambali. Bwanji Baibulo langa lilibe "chifukwa wanu ndi ufumu ndi mphamvu ndi ulemerero"? Ndinkaganiza kuti osindikiza anaiwala.

Mkulu wa mpingo, mphunzitsi wopuma:
Sanaiwale mwanangu. Mipukutu yakale kwambiri ya Mateyu, monga ya Sinaiticus ndi Vaticanus ya m'zaka za m'ma 300, ilibe mawuwo, ndipo Luka alibenso. Akhristu oyambirira ankatsekera nawo pemphero popembedza, akufanana ndi a Davide pa 1 Mbiri 29:11, kenako okopera anawalowetsa m'malemba. Si pempho, ndi chitamando.

Ndibwerere kwa amayi a ku Mponela ndi chinthu chimodzi chimene tonse tachidumpha. Mzere wa mangawa ukuyamba ndi "ndipo", womangirira ku mzere wa chakudya. Liwu limene timalimasulira kuti "chalero" ndi lachilendo kwambiri, m'Chipangano Chatsopano limapezeka m'pempheroli mokha, ndipo omasulira ena amati ndi chakudya cha tsiku likubwerali, ena amati chokwanira kuti munthu akhale moyo. Mulimonsemo ndi chakudya cha tsiku limodzi, ngati mana a pa Eksodo 16 amene ukasunga ofika mawa ankachita mphutsi. Si nkhokwe yodzaza mpaka Febuluwale. Ndipo akuti "mutipatse ife", osati ine. Ndikufunseni mosabisa: mwa "ife" ameneyo, ana a alamu anu alimo? Ngati mungathe kuwapempherera ufa wa lero anawo popanda kuluma mano, mwayamba kale chimene mzere wotsatira ukunena. Ngati simungathe, ndiye mwadziwa pamene pali chilonda, ndipo mwina si pa K180,000 pokha.

Mayi wa Chigwirizano, Mponela:
Anawo ndimawapempherera, wamng'onoyo amadya kwathu masana ambiri. Chimene chimandiwawa ndaona kuti ndi kukhota kuja, kundisandutsa ngati ndine wachilendo, pomwe pa maliro a apongozi ndinaphika nawo usiku wonse. Ndalankhula ndi bambo a kunyumba, agwirizana zoti Loweruka tipite limodzi ndi ankhoswe, osati kwa amfumu. Ndikawauza kuti chiwongoladzanja chomwe ndinalipira, K36,000, ndachisiya, zotsalazo azibweza pang'onopang'ono mmene angathere. Achimwene a ku Joni mwina muti ndakhululuka theka. Lamulungu likubwerali sindikudziwa ngati nditsegule pakamwa pa mzere uja.

Bambo wa ku Joni:
Sindinena kanthu mlongo. Koma akakakana Loweruka, kapena akati ndalamazo munangowapatsa, mudzatani? Pamenepo m'pamene ine ndinakodwa.

Mayi wa ku Area 25:
Mukatenge kabuku ka banki m'khonde, tsiku limene munatenga ndalamazo linalembedwa.