Uthenga wachiwiri unene chiyani kwa amene sanayankhe?

Wokonza mapulogalamu: Akuluakulu, ndikukonza dongosolo la mauthenga a pafoni okumbutsa anthu amene amamwa ma ARV otchedwa TLD kamodzi patsiku. Uthenga umapita 8 koloko usiku, ndipo munthu akamwa amayankha 1. Kwa amene sanayankhe ndaika uthenga wina wa 9 koloko wakuti "Imwani mankhwala anu tsopano", koma mtima wanga sukukhazikika nawo.

Namwino: Achimwene, mwachita bwino kukayika, chifukwa kusayankha si umboni wakuti munthu sanamwe. Ndili ndi mayi wina amene samaphonya n'komwe, koma foni yake imakhala yozima masiku awiri magetsi akavuta, ndipo nthawi zina amakhala alibe mayunitsi. Mukamulamula kuti amwe tsopano, akhoza kumwa kachiwiri poganiza kuti kuchipatala taona cholakwika. Uthenga wachiwiri ukhale funso: "Kodi za lero mwachita? Yankhani 1 ngati mwachita, 2 ngati simunachite." Musatchulemo mankhwala kapena chipatala, popeza m'mabanja ambiri foni ndi yobwerekana.

Mlangizi wa zaumoyo: Ine ndimawauza kuti akaiwala angodikira mawa, asamwenso.

Wa ku famase: Bambo mlangizi, pakuletsa kuphatikiza mapiritsi awiri mwalondola, koma kudikira mawa nthawi zonse n'kutaya tsiku pachabe. Timayang'ana theka la nthawi ya pakati pa kumwa ndi kumwa, lomwe pa TLD ndi maola 12. Woyenera kumwa 8 koloko usiku akakumbukira 6 koloko m'mawa amwe pomwepo, ndipo usiku amwenso pa nthawi yake; akakumbukira 10 koloko m'mawa, piritsi ladzulo alisiye. Choncho amene wayankha 2 alandire uthenga wokhala ndi ola lenileni: "Ngati 8 koloko m'mawa sinakwane, chitani tsopano, ngati yapitirira, dikirani ya usiku, musaphatikize." Mawu akuti "tsopano" paokha ndi oopsa, chifukwa uthenga wotumizidwa usiku ukhoza kuwerengedwa masana foni itayaka.

Musakopere malire amenewa ku mankhwala ena onse. Amene akumwanso mankhwala a TB okhala ndi rifampisini amawonjezera piritsi la dolutegravir, amodzi mwa mankhwala a mu TLD, patatha maola 12, ndiye afunika ndandanda yawoyawo, ndipo mapiritsi ena olerera amalola kuchedwa maola atatu okha.

Wokonza mapulogalamu: Ndasintha, ndipo malire aziikidwa pa mankhwala alionse payekhapayekha. Nanga amene wakhala chete pa mauthenga onse awiri?

Namwino: Usiku umenewo mulekeni, ndipo m'kaundula mulembe "sanayankhe", osati "waphonya". Akakhala chete masiku atatu otsatizana, dzina lake libwere kwa ife kuti timuimbire.

Mlangizi wa zaumoyo: A sisitala, kumudzi kuno masiku atatu achepa. Nthawi yokolola anthu amagonera kumunda kopanda netiweki, ndipo mndandandawo udzatalika kuposa amene tingathe kuwayendera. Ndikadakonda tiyese masiku asanu kaye.