Thandizeni, mbiri yanga ya ntchito ikumveka zachilendo m'Chichewa

Membala wobisa dzina: Abale ndithandizeni msanga. Ndine namwino komanso mzamba. Andisankha kukayankhula pamsonkhano ndipo akufuna mbiri yanga yachidule m'Chingerezi ndi m'Chichewa pofika Lachisanu. Abwana kalata anaisunga mudilowa, andiuza dzulo, chonsecho anzathu ena amauzidwa nthawi ikadalipo, koma tizisiye. Foni nayonso ikungozima. Yachingerezi ndili nayo kale. Ndamasulira chonchi:

"Iye ndi katswiri wotengeka mtima ndi umoyo wa amayi, woyendetsedwa ndi zotsatira, ndipo ali ndi zaka 12 za luso. Anagwira ntchito kuchipinda cha amayi oyembekezera."

Mng'ono wanga waseka mpaka misozi, osandiuza cholakwika. Ndikonze pati?

Chitsulo: Ali ndi zaka 12 koma ndi mzamba kale? Mwana wanzeru ameneyu kkkkk

Mphunzitsi Wopuma: Vuto loyamba ndi "anagwira". Ife kusukulu tidaphunzitsidwa kulemba "adagwira". Ana a masiku ano Chichewa mudachitaya, mungothamangira Chingerezi, lero ndi izi.

NaBanda: Pepani amayi, mwasiya chofunika. Mbiriyi ikawerengedwa mokweza ndi woyendetsa mwambo, isindikizidwa papepala, kapena mukainena nokha? Chingerezi chimatchula aliyense mofanana, wamkulu ndi mwana yemwe, koma ife timayenera kusankha. Ngati akawerenge ndi munthu wina, "iye" achokepo, pakhale "Mayi Uje", mneni aliyense akhale waulemu. Ngati ndinu nokha, nenani "ndine", "ndakhala". Munthu kudzitchula yekha kuti "Mayi Uje agwira" anthu amayang'anizana.

Mphunzitsi Wopuma: A NaBanda, musanafike kutaliko avomereze kaye za "da".

NaBanda: Aphunzitsi, "anagwira" ndi "adagwira" onsewo apa akupha munthu wamoyo. Womvera aganiza kuti ntchito anasiya, kapena kuti tikuwerenga mbiri ya malemu. Ntchito ikupitirira, choncho ndi "akhala akugwira".

Mphunzitsi Wopuma: Ine ndaphunzitsa Chichewa inu musanabadwe.

Bambo a Tadala: Ine zinandionekera mbali inayo. Ndinalemba kaye m'Chichewa modzichepetsa, "ndimayesetsako kuthandiza pa zowerengera ndalama", mnzanga n'kuzitembenuza momwemo. Amene anawerenga Chingerezicho ankayesa ndine wophunzira kumene, pomwe dipatimenti yonse ili m'manja mwanga. Mpaka pano sitiyankhulana bwinobwino ndi mnzangayo.

Chisomo M: Ingotumizani yachingerezi yomweyo mayi, ndani amawerenga zimenezi?

Mlongo Wanu: Akuti akufuna zonse ziwiri, muziwerenga kaye musanayankhe. Koma inu za abwanazo, samalani, pagulu pano pali maso ambiri.

NaBanda: Ndibwerere pa mawu aja. "Wotengeka mtima" kwathu kuno si chiyamikiro, ndi munthu wosakhazikika maganizo. "Woyendetsedwa ndi zotsatira" palibe amayankhula choncho. M'Chingerezi mawu odzitamanda otere anazolowereka moti sawamvanso kulemera, koma mukawabweretsa kuno amasanduka matama kapena nthabwala. Musawamasulire. Dzifunseni kuti munachita chiyani chimene mawuwo akuimira, mulembe chimenecho. Mwachitsanzo:

"Mayi Uje ndi namwino komanso mzamba. Akhala akuthandiza amayi pochira kwa zaka 12, ndipo pano amaphunzitsanso azamba ongoyamba kumene."

Za kuphunzitsazo ndangoyerekeza, ikanipo zanu zenizeni. Zaka, udindo ndi maphunziro zifanane ndendende m'zilankhulo zonse ziwiri. Zinazo zikhoza kusiyana kasanjidwe.

Chitsulo: "Pochira" achinyamata ena amva ngati odwala malungo akupeza bwino.

NaBanda: N'chifukwa chake ndikufunsa kuti omvera ndi ndani. Ngati ndi azachipatala okhaokha, "pobereka" palibe vuto. Pagulu la akuluakulu ine ndingasunge "pochira".

Kondwani J: Dipuloma ndi digiri yanu muzimasulirenso zonse m'Chichewa, kusakaniza zilankhulo kumaonetsa ulesi.

Mlongo Wanu: Ayi achimwene. Dzina la pasatifiketi lisiyeni mmene linalembedwera, wina akafuna kutsimikiza alipeze. Mukhoza kungowonjezera kuti ndi maphunziro a uzamba. Komanso funsani okonza msonkhano ngati malire a kutalika kwa mbiriyi ndi a mawu kapena a zilembo. "Amaphunzitsanso" ndi liwu limodzi, m'Chingerezi atatu, koma papepala limadya malo.

Mphunzitsi Wopuma: Ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wakumbuka kachizindikiro ka pamwamba pa ŵ. Ndatopa nanu.

Bambo a Tadala: Mukamaliza mupatse munthu amene sanaone yachingereziyo, awerenge mokweza, kenako akuuzeni kuti mumagwira ntchito yanji. Ine ndikanatero si bwenzi zitandichitikira.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Foni inazimanso. Abwana akuti nawonso akufuna ndiwamasulirire yawo, taonani zinthu zake. Ndiye ndichotse "katswiri" kapena akhale?

NaBanda: Zidalira amene akawerengeyo. Funso langa lija simunayankhebe mayi.