Thandizo: kumvera pa mayeso a Chiarabu a CIMA kukundivuta

Moni nonse. Ndikukonzekera mayeso a CIMA, amene amakonzedwa ndi Institut du monde arabe ya ku Paris, ndipo amayesa Chiarabu cha fusiha cha masiku ano, cha m'nyuzipepala ndi pawailesi. Ine Chiarabu changa ndi cha kumadarasa, cha mabuku okhala ndi zizindikiro za mavawelo.

Vuto langa lalikulu ndi kumvera. Wowulutsa nkhani akamayankhula amadula mavawelo a kumapeto kwa mawu, ndiye khutu langa lozolowera kumva fatiha, kasira ndi dhamma limasokonezeka. Akatchula chaka monga 1995, ndimatsalira pa nambalayo iye atapita kale patsogolo. Kodi ndibwino kubwereza kankhani kamodzi ka mphindi ziwiri mpaka nditalemba liwu lililonse, kapena kumvera nkhani zambiri osaimitsa?

Powerenga ndimachedwa chifukwa popanda mavawelo "kataba", "kutiba" ndi "kutub" amalembedwa mofanana. Munazolowera bwanji kuzindikira msanga?

Pa chimangirizo, amene munalembapo mundiuze: kodi kulakwitsa hamza kumadyetsa malikisi ambiri kuposa kusanja mfundo molakwika? Zikomo kwambiri.