Kalata yomaliza kwa wogulitsa filiji: ndilembemo chiyani?

Abale muno mu Harare, ndithandizeni. Ndinagula filiji m'tauni pa madola 280, mwezi usanathe inasiya kuziziritsa. Wogulitsa akungoti mawa, mawa. Ndikufuna kumulembera kalata yomaliza ndisanakamuneneze ku Consumer Protection Commission.

Ndalembamo tsiku logula, nambala ya lisiti, nambala ya filijiyo, vuto lake, ndi zoti ndikufuna ndalama zanga, osati kukonza. Kodi ndimupatse masiku 7 kapena 14? Nditchulemo Consumer Protection Act ya 2019, kapena zimveka ngati kuopseza?

Chikundivuta kwambiri ndi umboni woti walandira, poti munthu wake ndi wokana zinthu. Pa WhatsApp pakwana, kapena ndipite nayo ndekha asayine pa kope langa? Nanga akakana kusayina?