Geni ya ampulifaya yanga ya emita yogawana sikugwirizana ndi masamu a hayibulidi-payi

Wofunsa: Moni nonse pagulu pano. Ndalumikiza ampulifaya ya tiranzisita imodzi pa magetsi a 12 V, ndi R1 = 56 kΩ, R2 = 10 kΩ, RC = 4.7 kΩ, RE = 1 kΩ, ndipo pambali pa RE pali kapasita ya 10 µF. Karenti ya pa kolekita ili pafupifupi 1 mA, choncho ndinapeza gm = IC/VT = 1 mA/26 mV = 38.5 mS, kenako Av = −gm × RC, zomwe zikupereka −181. Koma ndikalowetsa siginolo ya 10 mV pa 1 kHz kudzera mu rezisita ya 1 kΩ, kotulukira kuli katundu wa RL = 10 kΩ, osilosikopu ikuonetsa geni ya 72 yokha. Kodi vuto lili m'masamu kapena m'dera lenilenilo?

Yankho loyamba: Achimwene, mwasiya ro. Tiranzisita ili ndi rezisitansi yakeyake pakati pa kolekita ndi emita, ndipo imeneyo ndiyo ikudya geni yanu. Muyesenso β, chifukwa siifanana ngakhale pa matiranzisita a nambala imodzi.

Yankho lachiwiri: Amene ayankha pamwambapa sanalakwe kutchula ro, koma siingafotokoze kusiyana kwakukulu chonchi. Tikatenga VA = 100 V, ro = VA/IC = 100 kΩ, ndipo ikakhala mbali ndi mbali ndi rezisita ya makiloomu ochepa imachotsa pang'ono chabe.

Jambulaninso dera la siginolo yaying'ono mosathamanga. Magetsi a 12 V muwatenge ngati giraundi, makapasita muwatenge ngati waya, ndipo m'malo mwa tiranzisita muike rπ pakati pa bezi ndi emita, komanso gwero la karenti gm × vπ kuchokera ku kolekita kupita ku emita. Karenti imeneyi imakokedwa kudzera mu rezisitansi zonse zimene zili pakati pa kolekita ndi giraundi, osati mu RC yokha, ndiye chifukwa chake vo = −gm × vπ × (RC ∥ RL ∥ ro). Kwa inu, 4.7 kΩ ndi 10 kΩ zikupereka 3.2 kΩ, ro ikutsitsa kufika 3.1 kΩ, ndipo geni yochokera pa bezi kufika pa kolekita ndi −119 basi.

Chachiwiri, vπ si voteji imene jenereta ikutulutsa. Ngati β ili 100, rπ = β/gm = 2.6 kΩ, ndipo pamodzi ndi R1 ndi R2 rezisitansi yolowera ikukhala pafupifupi 2 kΩ. Rezisita yanu ya 1 kΩ ija ikugawana siginolo ndi 2 kΩ imeneyi, moti pa bezi pakufika magawo awiri mwa atatu okha. Mukachulukitsa 119 ndi 2/3 mupeza pafupifupi 80. Apa mpamene β ikulowera, osati mu gm, amene amadalira karenti ndi kutentha kokha.

Wofunsa: Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndasamutsira chingwe cha osilosikopu pa bezi ndipo siginolo ndi yocheperadi kuposa ya pa jenereta. Nanga kusiyana kotsala pakati pa 80 ndi 72 kukuchokera kuti?

Yankho lachitatu: Ine ndili ndi dera lofanana ndi limeneli ndipo geni yake ndi 3 yokha, koma siginolo imatuluka yoyera bwino. Ndikuona kuti geni ndi RC kugawa ndi RE, ndipo za gm zi zimangosokoneza anthu.

Yankho lachiwiri: Dera lanu lilibe kapasita pa emita, n'chifukwa chake gm × RE ndi yaikulu moti mu Av ≈ −gm × (RC ∥ RL)/(1 + gm × RE), gm amafafanizika. Funso la mnzathuyu ndi lina, ngakhale mwatikumbutsa pamene ndikukayikira. Kapasita ya 10 µF pa 1 kHz ili ndi riyakitansi ya 16 Ω, ndipo tiyenera kuiyerekeza osati ndi RE koma ndi rezisitansi yooneka kuchokera pa emita, imene ndi 1/gm = 26 Ω kuphatikiza pafupifupi 9 Ω yochokera kumbali ya bezi. Pa 35 Ω, 16 Ω si yonyozeka, ndipo masamu anga akusonyeza kuti geni itsika kufika 73. Kwezani jenereta kufika 10 kHz kapena muike 100 µF. Geni ikakwera kuyandikira 80, mudziwa kuti inali kapasita.

Yankho lachinayi: Ine ndikukayikirabe muyeso womwewo, pakuti modelo imeneyi imafuna vπ yochepa kwambiri poyerekeza ndi 26 mV, ndipo pafupifupi 7 mV pa bezi si yochepa mokwanira ngati munthu akuyeza nsonga imodzi yokha. Kodi 72 munaipeza pa nsonga yakumwamba kapena kuchokera nsonga kufika nsonga? Tsitsani siginolo kufika 2 mV muyezenso musanasinthe kapasita.