Ndithandizeni kumasulira khadi la walanti m'Chiluya

Abale, mchemwali wanga akugwira ntchito ku Muscat, m'dziko la Oman, ndipo wanditumizira chithunzi cha khadi la walanti ya makina ochapira omwe afa patangopita miyezi 14. Khadilo ndi la Chingerezi, abwana ake amawerenga Chiluya chokha, ndiye akufuna kuona mawu enieni asanapite kokakangana ndi ogulitsa.

Ndinayesa Google Lens. Chithunzicho chili ndi kuwala pakati, mzere wina sukuoneka bwino, ndipo nditabweza zotulukazo ku Chingerezi, mawu oti "kupatula" anasowa. Zinamveka ngati kuwonongeka kobwera ndi kukwera kwa magetsi akukonzanso ulere, pomwe khadi likukana.

Pena pandivuta ndi apa: makina onse ali ndi walanti ya miyezi 12, mota yokha zaka 5, koma pa motayo akupereka chipangizo chokha, wokonza umamulipira wekha. Ndamva kuti mawu a Chiluya akuti ضمان ndi كفالة onse amatanthauza walanti. Pa pepala lotere ku Oman amalemba ati? Nanga nambala ya makina ndi tsiku logulira ndizisiye momwe zilili? Alipo wodziwa Chiluya cha zamalonda woti andionere mizere isanu ndi umodzi yokha ya zopatulidwazo? Chithunzi china chomveka ndamuuza kale ajambule.