Ndithandizeni kumvetsa zotsatira za magazi a mwana wanga

Abale, amene mumadziwa zachipatala ndithandizeni. Ndili ku Nkhotakota kuno. Mwana wanga wamwamuna wazaka 9 wakhala akufooka, m'manja mwayera mbee, ndipo akangothamanga pang'ono amapuma mwawefuwefu. Dzulo anamuyeza magazi kuchipatala, malungo sanapezeke.

Papepalapo palembedwa HGB 8.2 g/dL, MCV 68, WBC 14.5. Adokotala anati magazi ndi ochepa, chifukwa pamsinkhu wakewu HGB imayenera kufika 11.5, ndipo MCV yotsika ikusonyeza kuti maselo ofiira ndi aang'ono, mwina ayironi akuperewera. Apo ndamva.

Pandisokoneza ndi pa WBC. Ndimadziwa kuti maselo oyera akakwera ndiye kuti thupi likulimbana ndi matenda, koma mwanayu sakutentha thupi, sakutsokomola. M'munsimu pali mitundu ya maselo oyera, NEU ndi EOS, ndipo EOS yokhayo ndiyo ili ndi chilembo H chosonyeza kuti yakwera. Kodi imeneyi si imene imakwera ndi njoka zam'mimba kapena likodzo? Amasambira kunyanja tsiku lililonse, ndipo mlongo wake akuti anaona magazi pothera mkodzo wa mwanayu. Izi ndazimva titabwerako kale.

Atipatsa mapilitsi owonjezera magazi, wayamba kumwa. Lolemba tikubwerera. Ndikapemphe kuti ayeze mkodzo wokha kapena ndi chimbudzi chomwe? Nanga HGB imayezedwanso pakapita masabata angati kuti tione ngati ikukwera?